Nthabwala Yovala Jekete la Ofesi Izionekeratu Kuti Ndi Nthabwala

Pa WhatsApp ndi Facebook pamayenda zithunzi zoseketsa, zija achinyamata amati mamimu, zomwe ukangoziona umayesa ndi chidziwitso chochokera ku ofesi. Pamwamba pali mutu wa zilembo zazikulu, tsiku, nambala ya kalata, ndipo pansi pali chidindo. Ukafika pakati ndi pomwe umazindikira kuti nkhani yake ndi ya ndiwo za pakhomo. Nthabwalayi ili ndi luso lake, ndipo ili ndi malire ake.

Titenge chitsanzo chongopeka. Mnyamata wokhala yekha m'nyumba ya lendi walemba motere: "CHIDZIWITSO. Akuluakulu a nyumba ino akudziwitsa abale ndi anansi onse kuti, pa zifukwa zomwe sitikanatha kuzipewa, kudya nyama kwaimitsidwa kuyambira pa 10 mpaka malipiro adzatuluke. Padakali pano tizidya bonya ndi chigwada. Tikupepesa chifukwa cha zovuta zomwe izi zingabweretse. Wosaina: Mneneri wa Nyumba."

Chimene chikuseketsa si umphawi wa mnyamatayo ayi. Akadalemba kuti "ndalama zandithera, ndikudya bonya," tikadangomumvera chisoni. Kuseka kukuchokera pa kusiyana kwa chovala ndi wochivala: mawu ndi olemera, nkhani ndi yopepuka. Munthu mmodzi wasanduka "akuluakulu". Kusowa ndalama kwasanduka "zifukwa zomwe sitikanatha kuzipewa". Mawu akuti "kwaimitsidwa" sakutchula yemwe waimitsa, monga momwe makalata a maofesi amabisira wochita chinthucho. Kupepesa kwa kumapeto nako tonse timakudziwa, chifukwa takuwerenga kambirimbiri pa zidziwitso za kuzima kwa magetsi ndi kusiya kutuluka kwa madzi.

Apa ndi pomwe pagona mphamvu yachiwiri ya nthabwalayi. Mmalawi amalandira nkhani zokhudza moyo wake kudzera m'makalata otere: ESCOM ikamalengeza ndondomeko ya kuzima kwa magetsi, MERA ikamasintha mitengo ya mafuta, MANEB ikamatulutsa zotsatira za mayeso. Mu Novembala 2023 banki yaikulu ya dziko lino idalengeza kuti mphamvu ya kwacha yatsika ndi 44 pa 100 iliyonse, ndipo nkhani yowawa chotero idabwera m'mawu odekha a ofesi. Choncho munthu wamba akabwereka kalankhulidwe kameneka, amakhala akuwonetsa kuti amakamva bwino, komanso kuti amaona momwe kamaziziritsira nkhani yotentha. Kumeneku ndi kudzudzula kwaulemu, ndipo n'koyenera kukhalapo.

Vuto limayamba kusiyana kuja kukachepa. Palibe angakhulupirire kuti nyumba ya mnyamata mmodzi ili ndi mneneri. Koma wina akatenga kalata yeniyeni ya bungwe, n'kusiya chizindikiro ndi siginecha momwe zilili, n'kungosintha mawu kuti mawa mafuta akwera kapena mawa ndi tchuthi, palibenso choseketsa chomwe wowerenga angagwire. Wopanga uja angakhale ankaseka ndi anzake asanu omwe akumudziwa, koma chithunzi chikatumizidwa kugulu lachitatu ndi lachinayi chimafika chokha, popanda womasulira. Agogo akumudzi amachiwerenga ngati choonadi, wina amathamangira kukaima pa mzere wa mafuta, kholo limaletsa mwana kupita kusukulu. Mapeto ake bungwe lija limakakamizika kutulutsa kalata ina yotsutsa, ndipo tsiku lomwe chidzabwere chidziwitso chenicheni cha namondwe kapena kolera, ena adzachikayikira.

Wowerenga angasiyanitse bwanji? Choyamba, funsani ngati nkhaniyo ingachitikedi. Ngati n'zosatheka, sekani. Ngati n'zotheka ndipo zikukhudza ndalama, thanzi, sukulu kapena ulendo wanu, musatumize kaye. Kenako yang'anani pepalalo: tsiku logwirizana ndi zomwe zalembedwa, dzina ndi udindo wa wosaina, ndiponso ngati zilembo za pakati zikufanana ndi za pamwamba, chifukwa posinthidwa pamakonda kuoneka mosiyana. Chomaliza n'chimene chimathetsa mkangano: chidziwitso chenicheni chimapezeka pa tsamba la bungwelo, ndipo wailesi monga MBC ndi Zodiak zimachiulutsa.

Kwa inu opanga mamimu, luso lanu silifuna chizindikiro cha bungwe lenileni. Pekani ofesi yanuyanu, dzina lake likhale loseketsa kuyambira pamutu, ndipo musaikepo siginecha ya munthu weniweni. Kumbukiraninso kuti chizindikiro cha boma n'chotetezedwa ndi lamulo, ndipo chiyambire 2016 dziko lino lili ndi lamulo loona za kagwiritsidwe ntchito ka intaneti, lomwe anthu ena adamangidwapo nalo chifukwa cha zomwe adalemba. Musanatumize, dzifunseni ngati munthu wosakudziwani angazindikire pofika mzere wachiwiri kuti ndi nthabwala. Ngati sangazindikire, chikonzeninso kapena chifufuteni.