Chithunzi cha bolodi sichingakweze katundu pa lole



Pali chizolowezi chimene chafala m'magulu athu ku Mbare, Highfield, Mufakose ndi Glen View. Tikakumana Lamulungu masana kuti tikambirane zobwereka lole imodzi, wina amalemba pa bolodi, msonkhano ukatha aliyense amatulutsa foni nkujambula, chithunzi chija nkuponyedwa pa WhatsApp. Tonse timabwerera kunyumba mtima uli m'malo ngati nkhani yatha. Ine ndikuti apo ntchito sinayambe. Chithunzi chimangosonyeza zimene zinakambidwa, sichinena amene achite ntchitoyo kapena tsiku lomaliza. Mlembi ayenera kuchisandutsa mndandanda wa ntchito tsiku lomwelo, kenako atumize imelo.

Tiyerekeze kuti gulu la anthu 12 lagwirizana zotenga mpunga wa Kilombero ku Limbe kubwera nawo ku Mbare Musika. Lakumana Lamulungu pa 2, ndipo pa bolodi patsala mizere inayi iyi: "Lole Loweruka", "$40 aliyense", "Pemiti??", "Inshuwalansi, boda". Amene analipo akumva bwino lero. Koma pofika Lachinayi mzere uliwonse ukhala utabala matanthauzo awiri.

Loweruka lake liti, la pa 8 kapena la pa 15? Nanga lole ikunyamuka tsikulo kapena ikufika? Ndalama ija ndi madola a ku America kapena ZiG? Chiyambire pamene ZiG inabwera mu Epulo 2024, nambala yopanda dzina la ndalama ndi gwero la mkangano. Mawu oti "boda" nawonso ndi osokoneza, chifukwa njira yathuyi ili ndi zipata zinayi: Mwanza, Zobue, Cuchamano ndi Nyamapanda. Nchifukwa chake ndikuti kulemba kuchitike usiku womwewo, mlembi akadakumbukira zimene mivi ndi mabwalo a pa bolodi zimatanthauza. Ngati kuwala kwa pa windo kwaphimba mawu ena pa chithunzi, ajambulenso ataima chapambali bolodi lisanafufutidwe.

Mzere uliwonse uyenera kuyankha mafunso atatu: chichitike nchiyani, achite ndani, pofika liti. Pa funso lachiwiri ndimaumirira dzina limodzi. Mukalemba "komiti" kapena "tonse", ndiye kuti palibe mwini, ndipo aliyense adzati amayesa kuti mnzake wachita. Ena akhoza kuthandiza, koma wofunsidwa akhale mmodzi. Mukhoza kuyesa chonchi: werengani mzerewo nkudzifunsa kuti, ntchitoyi ikalephereka tiimbira yani? Mukazengereza kuyankha, mzerewo sunakonzeke.

Masiku nawo musawatole mlengalenga. Yambani pa tsiku lokweza katundu, muziwerenga chobwerera m'mbuyo. Ngati lole ikukweza Loweruka pa 15, mapepala onse akhale m'manja pofika Lachitatu pa 12, kuti patsale masiku awiri a ntchito ngati ofesi yabweza pepala. Apa ndi pomwe liwu limodzi lija loti "Pemiti??" limaonekera kuti labisa ntchito zingapo. Mbewu zolowa mu Zimbabwe zimafuna pemiti ya unduna wa zaulimi ku Harare, pomwe ku Malawi kumafunika chilolezo chotulutsira mpunga ndi satifiketi yosonyeza kuti mbewuyo ilibe tizilombo ndi matenda. Kawirikawiri a satifiketi amafuna kuona kaye pemiti ya dziko lolandira katundu. Choncho ya ku Harare ikhale yoyamba, ndipo mwini wake akhale munthu amene ali ku Harare, osati amene ali kale ku Limbe.

Inshuwalansi nayo ndi ntchito yapayokha. Khadi lachikasu la COMESA limagwira ku Malawi ndi ku Zimbabwe, koma Mozambique si membala wa COMESA, choncho dalaivala anene poyera kuti gawo lodutsa ku Tete walikonzera bwanji. Wamalonda asangoganiza kuti mwini lole akudziwa, lilembedwe.

Pali chinthu chimodzi chimene mlembi sayenera kuchita: kudzaza yekha zimene msonkhano sunagamule. Ngati palibe amene anavomera ntchito ina, asalembepo dzina la munthu chifukwa choti ndi amene amakonda kuchita. Aiike pansi pa mutu woti "Zosagamulidwa", ndipo wapampando apatsidwe tsiku loti apeze mwini. Kumpatsa munthu ntchito iye asakudziwa nchimodzimodzi kuisiya yopanda mwini.

Imelo yake ikhale yaifupi, yoti munthu awerenge ali pa mzere pa Nyamapanda. Pamene ndalemba maudindo, inu mulembe mayina enieni.

Mutu: Lole ya mpunga, kukweza ku Limbe Loweruka pa 15

Moni nonse. Pa msonkhano wa Lamulungu pa 2 tinagwirizana izi:

1. Msungichuma atolere madola 40 a ku America kwa aliyense wa anthu 12, onse pamodzi 480, pofika Lachitatu pa 5, ndipo alipire chikole kwa mwini lole Lachinayi pa 6.
2. Mlembi akapemphe pemiti ya ku Harare Lolemba pa 3, ndipo anene pomwe yafika Lachisanu pa 7.
3. Wotiimira ku Limbe atenge chilolezo chotulutsira mpunga ndi satifiketi ya mbewu pofika Lachitatu pa 12.
4. Dalaivala atumize zithunzi za inshuwalansi yonse, kuphatikizapo ya ku Mozambique, pofika Lolemba pa 10.

Zosagamulidwa: amene alipire zotsitsa katundu ku Mbare. Wapampando ayankhe pofika Lachisanu pa 7.

Ngati penapake ndalemba molakwika, yankhani pofika mawa 6 koloko madzulo. Amene dzina lake lili pamwambapa ayankhe kuti "ndavomera". Chithunzi cha bolodi ndachimata pansipa.

Ndikudziwa ena mukuti, amayi athu ambiri a pa msika sagwiritsa ntchito imelo, ndipo ya bandulo imachoka pa mpamba womwewo. Nzoona. Koperani mawu omwewo muwaike pa WhatsApp, ndipo amene savutika kuwerenga awerengere anzawo pa meseji ya mawu. Koma imelo ipitebe kwa mwini lole, kwa ajenti wokonza mapepala a kasitomu ndi kwa akuluakulu a gulu, m'chinenero chimene iwo amamva. Pa WhatsApp uthenga umakwiririka ndi mauthenga a maliro ndi mitengo ya ndalama, wotumiza akhoza kuufufuta, ndipo foni ikabedwa mu kombi nthawi zambiri zakale zimapita nayo. Imelo imakhala ndi tsiku ndi nthawi, ndipo mukhoza kuitsegula pa foni ina iliyonse. Tsiku limene mwini lole adzafune ndalama yoonjezera chifukwa lole yagona pa boda kudikira pepala, funso lidzakhala loti pepalalo linali la yani. Apo mudzafuna umboni wolembedwa.

Mlembi asadikire tsiku lomaliza kuti afunse. Ngati pofika Lachiwiri wina sanayankhe kuti wavomera, amuimbire. Ngati Lachisanu pa 7 pemiti ya ku Harare sikuoneka, gulu lidziwe tsiku lomwelo nkukambirana ndi mwini lole zosuntha ulendo, lole isanauyambe wopita ku Limbe. Kusintha tsiku kudakali sabata yathunthu nkotchipa kusiyana ndi kulipira lole yoima ndi mpunga pa Mwanza.

Muyende bwino nonse muli pa msewu.