Musanayambe kukopela manambala, yang'anani m'mimba mwa PDF

Mwezi watha msuweni wanga, amene ni msungacuma wa kopaletivu ina kufupi na Katete, anatsala pang'ono kuchedwa mbala cifukwa ca K270. Bungwe limene limawathandiza linatumiza lipoti la PDF lokhala na maina a alimi 214 na ndalama zimene aliyense anasonkha. Iye anakhala madzulo aŵili akukopela manambala mu Excel, mzele na mzele. Lipoti linati ndalama zonse ni K61,350, koma iye anapeza K61,080. Ku miting'i anthu anayamba kunong'onezana.

Pamene anabwela kwa ine tinatsegula lipotilo pa kompyuta, ndipo tinapeza kuti fayilo ya Excel imene anavutika kupanga inalimo kale mkati. Tinaikoka, n'kuilinganiza na yake. Pa mzele umodzi analemba 250 m'malo mwa 520. Ndalama sinasoŵe, cala cabe ndico cinaphonya.

Ambili timaona PDF monga pepala lojambulidwa, koma imathanso kukhala monga envulopu. Wolemba angaikemo fayilo ina yathunthu, ndipo imakhalamo osasintha, pamodzi na mafomyula ake. Vuto n'lakuti pa masamba sipaoneka ciliconse, ndipo mapulogilamu ambili a pa foni sakuuzani kuti muli katundu. Conco ine nimati kukopela na manja kukhale cinthu cothela, pambuyo pofufuza.

Kufufuzako sikutenga na mphindi ziŵili. Tsegulani PDF mu Adobe Acrobat Reader pa kompyuta, pezani kacizindikilo ka kawaya kopanila mapepala kochedwa Attachments, ndipo mudzaona maina a mafayilo amene alimo. Dinizani dzina na batani la kumanja la mausi, musankhe Save Attachment. Firefox nayo imaonetsa mafayilo amenewa m'kagawo ka pambali. Amene ali na Linux angaseŵenzetse pdfdetach, imene imabwela na poppler-utils:

```
pdfdetach -list lipoti.pdf
pdfdetach -saveall lipoti.pdf
```

Lamulo loyamba limachula mafayilo amene alimo, laciŵili limawatulutsa onse n'kuwaika m'foda imene mulimo. Likayankha kuti `0 embedded files`, ndiye kuti envulopu ilibe kanthu.

Apa m'pamene ambili amasokonezeka. Nthawi zina pa tsamba pamaoneka kacithunzi kobiliŵila ka Excel, koma mukadiniza palibe cocitika. Kaŵilikaŵili cimene cinacitika n'cakuti wolemba anaika fayiloyo mu Word, kenako anasandutsa cikalataco kukhala PDF. Kacithunzi kanawoloka, fayilo inatsala. Palibe pulogilamu imene ingatulutse cinthu cimene mulibe, ndiye musataye usiku wonse. Pemphani wotumizayo akupatseni fayilo yeniyeni. N'cimodzimodzi ngati wina m'njila anapitilitsa lipotilo ku Microsoft Print to PDF: kupulinta kumatenga masamba cabe, zamkati zimatayika.

Wina anganene kuti kulongedza zonse m'fayilo imodzi n'kwabwino, cifukwa lipoti na manambala ake sizipatukana pamene anthu atumizilana pa WhatsApp. Nivomeleza. Koma ubwino umenewo umatha ngati wolandila sadziŵa. Ndiye cifukwa cake mlandu waukulu nimaupeleka kwa olemba malipoti. Mzele umodzi pa tsamba loyamba, wonena kuti muli fayilo ya Excel na dzina lake, ukanapulumutsa msuweni wanga ku madzulo aŵili aja na ku manyazi.

Palinso cifukwa cina colemela kuposa ici. Fayilo imene tinatulutsa inali na tsamba laciŵili lobisika, ndipo titalionetsa na Unhide tinapeza manambala a malejisiti na a mafoni a alimi onse 214. Pa masamba a lipoti zinthu izi panalibe, ndipo nikhulupilila kuti wolembayo anaiŵala kuti zilimo. Koma lipotilo linali litazungulila kale m'magulu atatu a pa foni. Aliyense wodziŵa kawaya kopanila kaja akanazitenga. Cimene mwaika mu PDF mwacipeleka conse, na zimene munabisa zomwe. Musanatumize, tulutsani fayiloyo mwekha, muione monga mmene mlendo adzaionela, ndipo mufafanize zimene si za anthu onse.

Kwa ife olandila, cenjezo ni limodzi. Fayilo yocokela mkati mwa PDF ni fayilo monga ina iliyonse, ingabwele na vailasi. Ngati dzina lake lithela na .xlsm, kapena Excel ikupemphani kudiniza Enable Content, imani coyamba mufunse amene anatumiza.

Msuweni wanga akali msungacuma. Pa miting'i yotsatila anaonetsa mzele wa 520 uja, ndipo amene ananong'ona anakhala cete. Lomba lipoti ikafika, amayamba wafunafuna kawaya kopanila asanagwile colembela.