Kukulitsa zilembo sikokwanira

Tikamva zoti mnzathu wa Giredi 9 saona bwino, timathamangira kukulitsa pepala la mayeso pa fotokope, kuchoka pa A4 kupita pa A3. Koma taganizani funso lakuti, “Yezani mzere uwu ndi rula.” Mzere wa masentimita 5 tsopano wafika pa 7, pomwe wochonga akuyembekezera 5. Mwana wayeza bwino, koma walakwa!

Ife tikuti pepala lilembedwenso pa kompyuta. Zilembo zikule, mizere italikirane, koma chojambula choyeza chisasinthe. Kwa amene zilembo zimamusokonekera powerenga, funso lalitali ligawidwe: chiganizo chimodzi, nchito imodzi.

Funso lisapepuke ayi. Tichotse chotchinga chabe, masamu akhale omwewo.