Mfuwe: Makalata a alendo ndi makina omasulira zilankhulo

Pamene nyengo ya chilimwe ibweretsa alendo ambiri kudzaona nyama ku South Luangwa National Park, maofesi a malo ogona alendo ku Mfuwe, m'boma la Mambwe, amalandira makalata a pa intaneti olembedwa m'Chijeremani, Chifalansa ndi Chitaliyana. Wogwira ntchito amene sadziwa zilankhulozi angakope kalata yonse, naiika m'makina omasulira monga Google Translate, amene anayamba kumasuliranso Chinyanja m'chaka cha 2014. Ntchito imatha msanga. Koma kalatayo imakhala itatuluka m'ofesi, itapita ku makompyuta a kampani ina, kunja kwa Zambia.

Kuopsa kwake kunaonekera poyera m'mwezi wa Seputembala 2017, pamene wailesi ya dziko la Norway, ya NRK, inaulula kuti zikalata za kampani ya mafuta ya Statoil zinali kupezeka ndi aliyense wofufuza pa Google. Antchito anali atazimasulira pa makina aulere a Translate.com. Pakati pa zolembedwa za makampani osiyanasiyana zimene zinapezeka panali makalata ochotsa anthu ntchito, mapangano a malonda ndi mawu achinsinsi otsegulira makompyuta. Panalibe mbala imene inathyola chitseko: eni ake anapereka okha.

M'Zambia, lamulo loteteza mbiri za anthu la Data Protection Act la 2021 limaika za umoyo wa munthu m'gulu la zinsinsi zofuna chisamaliro chapadera, limaika malire pa kutumiza mbiri za anthu kunja kwa dziko, ndipo limafuna kuti zinsinsi zikatayika, kampani idziwitse Komishonala woona za lamuloli pasanathe maola 24. Udindo uli pa kampani imene inalandira mbirizo, ngakhale amene wakopa kalata ali kalaliki wamba.

Tiyerekeze kuti mayi wina wa ku Germany walemba kalata yopempha malo. Watchula dzina lake, nambala ya pasipoti, tsiku limene ndege yake idzatera pa bwalo la Mfuwe kuchokera ku Lusaka, ndiponso kuti ali ndi matenda a shuga, motero afuna firiji yosungiramo mankhwala ake. Kalaliki safunikira makina kuti awerenge dzina, nambala kapena tsiku, pakuti izi zimaoneka chimodzimodzi m'Chijeremani. Chimene sakumva ndi pempho lenilenilo.

Choncho ayenera kuyamba wakopera kalatayo pa tsamba lopanda kanthu, n'kudula za pamwamba ndi za pansi pomwe: maadiresi, manambala a lamya, ndi makalata akale amene amalendewera kunsi kwa kalata yatsopano. M'malo mwa dzina alembe X1, m'malo mwa nambala ya pasipoti X2, m'malo mwa tsiku X3, ndipo tanthauzo la zizindikirozi alilembe padera. Zizindikiro zotere zimatuluka m'makina monga zinalowera, pamene dzina lopeka monga Chifundo kapena Mavuto makina angalimasulire ngati liwu wamba, chiganizo n'kusokonekera. Za matenda a shuga zingatsale, popeza ndizo zofuna kumasulira, ndipo tsopano sizikuloza munthu aliyense. Kujambula kalata ndi kamera ya lamya kuti makina aimasulire kumalumpha ntchito yonseyi, pakuti chithunzi chimatenga zonse.

Chovuta kwambiri si makalata a alendo ayi, koma a antchito. Kapitawo amene akumasulira m'Chinyanja kalata yochenjeza wantchito angaganize kuti wabisa zonse pochotsa dzina. Komatu Mfuwe ndi malo aang'ono. Kalata yonena za "wophika wa pa msasa wakuti, amene anajomba masiku atatu atapita ku chipatala cha Kamoto" yamutchula kale munthuyo, chifukwa pa msasa waung'ono wa m'tchire wophika angakhale mmodzi yekha. Muyeso wake ndi uwu: kodi munthu wa pa msika wa Mfuwe, atawerenga zotsalazo, angadziwe mwini nkhani? Ngati angadziwe, udindo wa munthuyo, dzina la msasa ndi chipatala zichotsedwenso. Chimodzimodzi mitengo yapadera imene kampani yagwirizana ndi amene amaitumizira alendo.

Pa zilankhulo zazikulu za ku Ulaya pali njira ina. Chijeremani kapena Chifalansa zingasungidwe m'lamya momwemo, n'kumamasulira popanda intaneti, ngakhale kuti kumasulira kwake kumachepako mphamvu. Pofuna kutsimikiza kuti palibe chikutuluka, kalaliki azimitse intaneti yonse ya pa lamyayo asanaike mawu, ndipo afufute zomasulirazo asanaiyatsenso, makamaka ngati lamya ya pa ofesi imagwiritsidwa ntchito ndi anthu angapo.