Khosi likayabwa Lachitatu, kumbukirani zimene munadzola Lolemba

Mwana wa mchemwali wanga amagwira ntchito ku City Centre ndipo amakhala nane ku Area 47. Okutobala wapitayu anayamba kudzikanda m'khosi usiku wonse. Mbali zonse ziwiri, m'munsi mwa makutu, khungu linada kuposa pena ponse, linakhakhala, ndipo panatuluka timatuza tating'ono totuluka madzi akatikanda. Anayamba waganizira thukuta, kenako sopo, kenako nsomba imene tinadya dzulo lake. Pafyumu sanamuganizire n'komwe. "Azakhali, ameneyu ndamudzola miyezi inayi popanda vuto," anatero.

Apa ndi pamene ambiri timasokera. Thupi silikana fungo tsiku loyamba. Limayamba laphunzira kanthuko kwa masabata, miyezi, ngakhale zaka, ndipo likakazindikira silikaiwalanso. Komanso silifulumira kuyankha: zidzolo zimatuluka patapita tsiku limodzi mpaka atatu chidzolereni. Mukadzola Lolemba m'mawa, kuyabwa kungayambe Lachitatu, inu mutaiwala kale.

Kuyabwa kotereku n'kosiyana ndi kuwotcha kumene kumabwera pompopompo mukapopera pakhungu longometa kumene. Kumeneko ndi kuluma kwa sipiliti, ndipo kumatha mukasamba. Pamene thupi lakana fungo, kuyabwa kumaposa kuwawa, kumakhala masiku ambiri, ndipo kumabwerera nthawi iliyonse mukadzolanso. Yang'ananinso malo ake: m'khosi, kuseri kwa makutu, polumikizira dzanja ndi mkono, m'khwapa, nthawi zina m'zikope chifukwa cha zala zimene zagwira mafutawo. Mabuku ambiri amati khungu limafiira, koma pakhungu lathu lakuda kufiira sikuoneka bwino. Ife tiziona kuda, kutuwa, kukhakhala ndi kutupa. Chipere chimasiyana nazo chifukwa chimajambula mkombero wokwera m'mphepete, pakati pakuoneka ngati papola.

Zoyambitsa vutoli zili ndi mayina, ndipo ambiri amalembedwa pakatoni. Kuyambira mu 2005, malamulo a mayiko a ku Ulaya akhala akukakamiza opanga kutchula zinthu 26 zonunkhiritsa zimene zimadziwika kuti thupi limazikana, ndipo mu 2023 mndandandawo anauwonjezera. Choncho pa katoni ya pafyumu wa m'masitolo a ku Gateway Mall mungawerenge Limonene, wa m'makoko a malalanje ndi mandimu. Linalool, wa m'maluwa a lavenda. Geraniol, wa fungo la rozi. Ndi Cinnamal, wa mu sinamoni. Zonsezi zimapezeka m'zomera, kotero mawu akuti "zachilengedwe" asakugonetseni tulo.

Awiri oyambawo ali ndi khalidwe lofunika kulidziwa kuno kotentha. Akadali atsopano savuta kwenikweni, koma akakumana ndi mpweya amasintha n'kukhala aukali pakhungu, ndipo kutentha ndi kuwala zimafulumizitsa zimenezi. Mtsikana wathuyu anagula mafuta ake onunkhira ku Old Town, chakumsewu wa Malangalanga, othiridwa m'kabotolo kopanda chizindikiro chilichonse. Kabotoloko kankakhala m'galimoto, padzuwa, tsiku lonse. Sitinathe kudziwa chimene chinali m'katimo, ndipo limenelo ndiye vuto la mafuta opimitsa: ngakhale wogulitsa alibe pepala loti akuwerengereni.

Tinayamba ndi kusiya chilichonse chonunkhira: pafyumu, mafuta a m'khwapa, loshoni ndi sopo wafungo. Ankasamba ndi madzi ofunda pang'ono n'kudzola vaselini wopanda fungo. Kuchipatala anamupatsa haidirokotizoni wa 1 peresenti woti apake masiku ochepa. Kuyabwa kunatha sabata isanathe, khungu linasalala patapita masabata atatu, koma kuda kuja kunatenga miyezi. Apa ndikupemphani: musapake mafuta oyeretsa khungu pamabala oterewa. Ambiri ali ndi mankhwala amphamvu amene amapyapyalitsa khungu n'kubisa vuto.

Atachira tinayesa chinthu chimodzichimodzi. Ankapaka pang'ono m'kati mwa mkono, pafupi ndi chigongono, pamalo aakulu ngati ndalama yachitsulo, kawiri patsiku. Loshoni anatha masiku 10 popanda kanthu. Mafuta a m'kabotolo aja anatulutsa tizidzolo tsiku lachinayi, ndipo tinasiyira pomwepo. Kuyesa kumeneku kumakuuzani botolo lolakwa, osati dzina la chinthu cholakwacho. Dzinalo amalipeza madokotala a khungu pomata timankhwala pamsana kwa maola 48 n'kuyang'ananso patapita masiku ena awiri.

Zina siziyesedwa kunyumba. Ngati milomo kapena maso atupa, kapena mukubanika, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo. Ngati zilonda zikutuluka mafinya, kapena zidzolo sizikusintha patatha masabata awiri chisiyireni, pitani mukaonedwe, ndipo botolo ndi katoni yake muzitenge.

Mwana wa mchemwali wanga tsopano amawerenga katoni asanafunse mtengo. Kabotolo kaja anakataya, ndipo china chilichonse chonunkhira chimayamba chagona masiku 10 pamkono chisanafike m'khosi.