Mtengo wa sheya womwe mwawerenga si womwe mudzagulitsire

Airtel Malawi itayamba kugulitsa masheya ake kwa anthu kumapeto kwa 2019, sheya imodzi inali pa K12.69. Mtengowu sunachokere pa msika. Anaukonza ndi eni kampani pamodzi ndi alangizi awo a zachuma, ataunika phindu la kampaniyo komanso ndalama zomwe ankaganiza kuti anthu angalole kulipira. Kampaniyi ili ndi masheya 11 biliyoni, ndipo omwe anagulitsidwa kwa anthu anali 2.2 biliyoni, kutanthauza 20 peresenti. Mukachulukitsa 11 biliyoni ndi K12.69 mupeza pafupifupi K139.6 biliyoni. Umenewu ndiwo unali mtengo wa kampani yonse pa tsiku lomwe inalowa pa Malawi Stock Exchange mu Febuluwale 2020.

Mphamvu ya kampani pa mtengo wa sheya yake imathera pomwepo. Kuyambira tsiku loyamba la malonda, Airtel, FDH Bank yomwe inalowa miyezi ingapo pambuyo pake pa K10, kapena NICO yomwe inatsegulira msikawu mu 1996, palibe imene imadzuka m'mawa n'kulengeza kuti lero sheya yathu ili pakuti. Akuluakulu a msika ku Blantyre nawonso sakhazikitsa mitengo, ndipo boma silitulutsa mtengo woyambira ngati momwe limachitira ndi chimanga kapena soya. Mtengo umabadwa pamene wogula wina ndi wogulitsa wina agwirizana, basi.

Anthu ambiri omwe akuyamba kugula masheya amavomereza zimenezi ndi pakamwa pokha. Akaona nambala mu nyuzipepala amaichulukitsa ndi masheya omwe ali nawo n'kuyamba kuwerengera matumba a simenti. Maganizo anga ndi oti pa msika waung'ono ngati wathu, nambala imeneyi ndi yoyenera kuikayikira kufikira mutadziwa kuti yabadwa pa malonda aakulu bwanji.

Tiyeni titsate tsiku limodzi la malonda. Kampani yomwe ndigwiritse ntchito ndi yongoyerekeza, kuti masamu akhale osavuta. Ili ndi masheya 1 biliyoni ndipo dzulo msika unatseka sheya yake ili pa K100.

Munthu sapita yekha pa msika wa masheya. Amauza buloka wake, ndiye kuti kampani yomwe ili ndi chilolezo chogula ndi kugulitsa masheya m'malo mwa anthu, kuchuluka kwa masheya omwe akufuna ndi mtengo womwe sangapitirire. Mabuloka amalowetsa zofuna za makasitomala awo mu kompyuta ya msika, ndipo pamakhala mizere iwiri. Mu mzere wa ogula, yemwe akulipira zambiri amakhala patsogolo. Mu mzere wa ogulitsa, wotchipa ndiye amatsogola. Awiri akatchula mtengo wofanana, yemwe anafika msanga amayamba ndiye.

M'mawa uno mu mzere wa ogula muli munthu wofuna masheya 5,000 pa K100, ndipo kumbuyo kwake kuli wina wofuna 20,000 pa K98. Kwa ogulitsa, wina ali ndi masheya 2,000 pa K102, wina 10,000 pa K105, wina 50,000 pa K110. Wogula wapamwamba akunena K100, wogulitsa wotsikitsitsa akunena K102. Sakugwirizana, choncho palibe malonda. Tsiku likatha chonchi, mawa nyuzipepala idzalembabe K100, ngakhale palibe munthu amene akanagula sheyayi pa K100 lero.

Ndiye pakubwera mayi wina yemwe walandira ndalama za penshoni. Wauza buloka wake kuti amugulire masheya 8,000 pa mtengo wosapitirira K105. Kompyuta iyamba ndi otchipa: masheya 2,000 a K102, omwe ndi K204,000. Atsala 6,000, ndipo awa achokera kwa wogulitsa wa K105, omwe ndi K630,000. Mayiyu walipira K834,000, kupatula ndalama ya buloka ndi zolipira zina za msika. Malonda omaliza achitika pa K105. Misika ina imatseka ndi mtengo wa malonda omaliza, ina imatenga avareji ya malonda a tsikulo, yomwe apa ikanakhala K104.25, koma njira zonse ziwiri zikupereka uthenga umodzi: sheya yakwera.

Titenge K105. Sheya yakwera ndi 5 peresenti, ndipo mtengo wa kampani yonse wachoka pa K100 biliyoni kufika pa K105 biliyoni. Ndalama zosakwana K1 miliyoni zawonjezera K5 biliyoni pa pepala. Kampani sinagulitse katundu wochuluka kuposa dzulo, sinatsegule nthambi, ndipo sinalandire ngakhale tambala imodzi pa K834,000 ija, chifukwa ndalamayo yapita kwa anthu awiri omwe agulitsa masheya awo.

Tsopano taganizani za bambo yemwe ali ndi masheya 50,000 a kampani yomweyi. Wawerenga K105 ndipo m'mutu mwake ali ndi K5,250,000. Akaimbira buloka kuti agulitse onse lero, apeza kuti mzere wa ogula sunasinthe. Masheya 5,000 apita pa K100, 20,000 apita pa K98, zonse pamodzi K2,460,000, ndipo 25,000 otsalawo alibe wogula. Ayenera kudikira, kapena kutsitsa mtengo mpaka wina akopeke. Ndipo akangogulitsa pa K98, mawa mudzawerenga kuti sheya ija yagwa ndi pafupifupi 7 peresenti, anthu n'kuyamba kufunsana kuti kodi ku kampani kuja kwachitika chiyani. Sikunachitike kanthu. Bambo wina amafuna fizi ya mwana.

Wogulitsa tomato ku Lizulu amazidziwa bwino zimenezi. Kasitomala mmodzi wa pagalimoto akagula chidebe pa mtengo wokwera, sizitanthauza kuti madengu onse omwe ali pamsewu apita pa mtengo umenewo. Kusiyana kwake n'kwakuti palibe nyuzipepala yomwe imachulukitsa mtengo wa chidebe chija ndi tomato yense wa mu Ntcheu.

Vutoli ndi lalikulu kwathu kuno chifukwa makampani omwe ali pa msika ndi ochepa, ndipo gawo lalikulu la masheya awo lili m'manja mwa eni ake akuluakulu ndi mabungwe a penshoni ndi inshuwalansi, omwe amagula n'kusunga zaka zambiri. Masheya omwe amazunguliradi ndi ochepa. Pa misika ikuluikulu ngati ya ku Johannesburg kapena London, mizere ija imakhala yodzaza moti munthu wogula masheya 8,000 a kampani yaikulu sangasunthe mtengo. Kuno angathe. Zimachitikanso mosemphanitsa: kampani ikalengeza nkhani yabwino, ogula amadzaza mzere koma wogulitsa osapezeka, ndipo mtengo umakwera masiku otsatizana pa malonda ochepa kwambiri.

Sindikunena kuti mitengo imangoyenda mwachisawawa. Funso lenileni ndi lakuti n'chiyani chimachititsa anthu a m'mizere ija kusintha mitengo yomwe akutchula. Wogula sheya akugula gawo la phindu lomwe kampani idzapange mtsogolo. Kampani yathu ija ikapanga phindu la K10 biliyoni pa chaka msonkho utachotsedwa, sheya iliyonse yapanga K10. Kugula pa K105 ndiye kuti mukulipira K10.50 pa kwacha iliyonse ya phindu la pachaka. Nambala imeneyi ndi yomwe m'malipoti a msika amailemba kuti P/E, ndipo ndi yomwe imathandiza kuyerekeza makampani. Mtengo wa sheya paokha sunena kanthu. Sheya ya K20 ya kampani yomwe ikupanga 50 tambala pa sheya ili pa P/E ya 40, choncho ndi yodula kuposa ya K2,000 yomwe ikupanga K250, yomwe ili pa 8. Anthu ambiri amathamangira ya K20 poganiza kuti atola chotchipa.

Chilichonse chosintha zomwe anthu akuyembekezera pa phindulo chimasuntha mizere. Makampani a pa msika wathu amatulutsa chidziwitso m'nyuzipepala akaona kuti phindu lawo lisiyana kwambiri ndi la chaka chatha, ndipo masiku otsatira ogulitsa amachotsa masheya awo mu mzere kapena kukweza mtengo. Koma chomwe chimasuntha mtengo ndi kusiyana kwa nkhaniyo ndi zomwe anthu amayembekezera. Ngati aliyense amadikira kuti phindu likwera ndi theka koma langokwera pang'ono, sheya ikhoza kutsika pa tsiku lomwe kampani yalengeza phindu lalikulu kuposa kale lonse.

Chiwongoladzanja chimakoka kuchokera mbali ina. Kampani yathu ikagawa K4 pa sheya ngati dividendi, wogula pa K105 akupeza 3.8 peresenti pa chaka. Mu 2024 Reserve Bank of Malawi inakweza chiwongoladzanja chake chachikulu kufika pa 26 peresenti, ndipo pa nthawi ngati imeneyi kubwereketsa ndalama ku boma kumalipira zambiri kuposa dividendi yotere. Wogula sheyayo ndiye kuti akukhulupirira kuti phindu la kampani likula msanga moti mtengo wa sheya udzakwera n'kutseka mpatawo. Chikhulupiriro chimenechi chikachepa, amatsitsa mtengo womwe akutchula. Kugwa kwa kwacha nako sikukhudza makampani mofanana. Ndalama yathu itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kampani yokhala ndi ngongole za madola inadzuka ngongoleyo itafufuma m'makwacha, pomwe yogulitsa katundu kunja inkalandira makwacha ambiri pa dola iliyonse.

Pali kutsika kwina komwe kumaopseza anthu pachabe. Kampani ikalengeza dividendi imatchulanso tsiku lomaliza lomwe munthu angagule sheya n'kulandira nawo ndalamayo. Tsikulo likadutsa, wogula watsopano salandira K4 ija, choncho m'pomveka kuti atchule mtengo wotsika ndi pafupifupi K4. Mwini sheya sanataye kanthu, ndalamayo ikubwera ku akaunti yake. Pa msika wathu kutsikaku nthawi zina sikuonekera n'komwe, chifukwa pangadutse masiku popanda malonda.

Apa ndi pomwe ife olemba nkhani za chuma tiyenera kusintha kalembedwe. Mutu wa nkhani wakuti kampani yakutiyakuti yawonjezera mabiliyoni pa tsiku limodzi umakoma kuwerenga, koma ngati sukunena kuti masheya angati asinthana manja, ukusocheretsa owerenga. Malipoti a msika amaonetsa kuchuluka kwa masheya omwe agulitsidwa, choncho palibe chifukwa chosiyira nambalayi kunja.

Inu ogula, musanapereke ndalama funsani buloka wanu kuti wogula wapamwamba akutchula zingati ndipo akufuna masheya angati, chimodzimodzinso wogulitsa wotsikitsitsa. Mpata wa pakati pawo ukakhala waukulu, monga K90 ndi K105, dziwani kuti mukangogula pa K105 n'kufuna kugulitsa mawa lake, mutaya K15 pa sheya musanawerengere n'komwe ndalama ya buloka. Funsaninso kuti mwezi wathawu pagulitsidwa masheya angati a kampaniyo. Ngati omwe mukufuna kugula akuposa omwe amagulitsidwa pa sabata yathunthu, kutuluka kudzakutengerani nthawi, ndipo ndalama ya fizi ya temu ikubwerayi isalowe pamenepo. Pomaliza, mutchulireni buloka malire a mtengo. Mayi wa penshoni uja akanangonena kuti ndigulireni masheya 20,000 pa mtengo uliwonse womwe ulipo, 8,000 omaliza akanawagula pa K110.