Yankhani za K74,000 imene ikusowa

Wantchito akalemba kuti "ndalama zanga mwezi uno zaperewera", m'mutu mwake muli nambala ziwiri basi: imene ankayembekezera ndi imene yalowa ku banki. Imelo yochokera ku ofesi ya malipiro iyenera kulongosola mpata wa pakati pa ziwirizo. Koma mayankho ambiri amene ndimawaona amangobwereza peyisilipi kuyambira pamwamba mpaka pansi, ngati kuti munthuyo sanaiwerenge. Anaiwerenga kangapo, n'chifukwa chake walemba.

Tiyerekeze bambo wina woyendetsa galimoto ya pakampani, amene malipiro ake ndi K600,000 pamwezi. Ndigwiritsa ntchito magawo a msonkho wa PAYE amene anayamba mu Epulo 2024: K150,000 yoyamba yopanda msonkho, K350,000 yotsatira 25 peresenti, ndipo yopitirira K500,000 mpaka K2,550,000 30 peresenti. Magawowa amasintha ndi bajeti ya boma, choncho wolemba imelo ayambe waona amene bungwe la MRA likugwiritsa ntchito mwezi umenewo. Pa magawo athuwa msonkho wa bamboyu ndi K117,500. Penshoni amadulidwa K30,000, ngongole ya ku SACCO K40,000, ndipo mwezi uliwonse amalandira K412,500.

Mwezi uno anagwira ovataimu ya K80,000. Anawerengera pamtima kuti alandira K492,500, mwina ina anailonjeza kale kwa wogulitsa malata. Uthenga wa ku banki utalowa pafoni, anaona K418,500. Masiku onse oweruka usiku aja angomuwonjezera K6,000.

Kalaliki wa malipiro analemba yankho loyamba motere: "Bambo, dziwani kuti malipiro anu anawerengedwa molondola motsatira malamulo ndi ndondomeko za kampani. Zodulidwa ndi PAYE, penshoni, SACCO ndi adivansi monga zikuonekera pa peyisilipi. Ngati muli ndi funso lina mubwere ku ofesi." Bodza mulibe m'menemu. Koma chiganizo choyamba chikuteteza ofesi munthu asanamve kalikonse, chachiwiri chilibe nambala ngakhale imodzi, ndipo chachitatu chikuitanira ku ofesi munthu amene tsiku lonse ali pamsewu. Wolandira yankho lotere amangomva kuti akumuuza kuti akhale chete, ndipo mawa nkhaniyo mukaipeza pa tiyi, itakula kale.

Kukonza imelo imeneyi kumayambira pa kakyuleta. Ikani peyisilipi ya mwezi watha pambali pa ya mwezi uno, muone mizere imene yasintha. Pa bamboyu yasintha itatu: ovataimu yalowa K80,000, msonkho wakwera kuchoka pa K117,500 kufika pa K141,500, ndipo pabwera mzere watsopano wa adivansi wa K50,000. Kukwera kwa msonkho ndi K24,000. Mukaphatikiza ndi K50,000 mupeza K74,000, imene ndi mpata weniweni wa pakati pa K492,500 ndi K418,500. Nambala zikakumana chonchi mutha kulemba. Zikapanda kukumana, ngakhale ndi K500 yokha, musalembe kaye, chifukwa mwina wodandaulayo akunena zoona: maola a ovataimu analowetsedwa operewera, kapena ngongole imene inatha mwezi watha yadulidwanso. Lamulo la ntchito la 2000 limapatsa wantchito ufulu wolandira chikalata cholongosola malipiro ake ndi zodulidwa, ndiye kufunsa kwake si mwano.

Imelo yokonzedwa ingaoneke chonchi:

"Bambo, zikomo polemba. Ndayerekeza malipiro anu a mwezi uno ndi a mwezi watha. Ovataimu yanu ya K80,000 inalowa yonse, koma ndalama zofika ku banki zakwera ndi K6,000 yokha. K74,000 yotsalayo yapita kuwiri.

"K24,000 ndi msonkho wa pa ovataimuyo. Malipiro anu a mwezi ndi mwezi anapitirira kale K500,000, choncho ndalama iliyonse yowonjezera imadulidwa K30 pa K100 iliyonse. Msonkho wa pa malipiro anu a nthawi zonse sunasinthe.

"K50,000 ndi gawo loyamba lobweza adivansi ya K150,000 imene munasainira mwezi watha. Tidzadulanso K50,000 miyezi iwiri ikubwerayi, kenako yatha. Ngati simugwira ovataimu m'miyezi imeneyi, muyembekezere K362,500, ndipo ikadzatha mudzabwerera pa K412,500.

"Penshoni ndi SACCO sizinasinthe. Ngati maola a ovataimu amene munalemba akusiyana ndi amene ali pa peyisilipi, nditumizireni pepala lanu la maola ndiyang'anenso."

Chiganizo chimene ndimachilimbikira kwambiri m'menemu ndi chija chakuti msonkho wa pa malipiro a nthawi zonse sunasinthe. M'maofesi mwathu muli chikhulupiriro chakuti ukagwira ovataimu yambiri kapena ukakwezedwa, malipiro ako onse amalowa m'gawo lapamwamba la msonkho, n'kutsala ndi zochepa kuposa kale. PAYE siyenda choncho. Gawo lililonse limadula ndalama zimene zagwera m'gawolo zokha: pa magawo athu a 2024 aja, K150,000 yoyamba imakhalabe yopanda msonkho, kaya munthu akulandira K200,000 kaya K2,000,000. Bamboyu pa ovataimu yake anatsala ndi K56,000, ndipo chimene chinaimeza ndi adivansi. Imelo ikapanda kulekanitsa ziwirizi, adzakana ovataimu mwezi wamawa poganiza kuti yonse imapita ku boma.

Onaninso kuti imeloyo yatchula K362,500, nambala imene bamboyu sanafunse. Ena angati n'kudziputira mkwiyo. Ine ndimati ndi nambala yothandiza kuposa zonse, chifukwa popanda iyo mwezi wamawa adzalembanso, atakwiya kuposa lero. Munthu wa lendi ndi fizi amafuna kudziwiratu.

Penshoni ndainena mwachidule chifukwa sinasinthe, koma pali peyisilipi zina zimene zimasokoneza. Lamulo la penshoni limafuna kuti wantchito azipereka zosachepera 5 peresenti ndipo wolemba ntchito zosachepera 10 peresenti. Makampani ena amasindikiza zonse ziwiri papepala limodzi, ndiye bamboyu akaona K60,000 pansi pa K30,000 angaganize kuti amudula K90,000. Ngati peyisilipi yanu ndi yotero, onjezani mzere umodzi: "K60,000 mukuionayo ndi gawo la kampani, silichoka pa malipiro anu." Mawu a pa peyisilipi alembeni monga momwe akuonekera, kaya ndi Gross Pay kaya Net Pay, kuti munthu aloze ndi chala mzere umene mukunena.

Zochotsa nazo zilipo. "Monga mukudziwa" achoke, pakuti akanadziwa sakanafunsa. "Mwina munaiwala kuti munatenga adivansi" achokenso. Tchulani ndalama ndi nthawi imene anasainira, kuiwalako akuona yekha. Kupepesa kusungeni pamene ofesi yalakwitsa, ndipo pamenepo nenani kuti yalakwitsa ndi ndalama zingati komanso tsiku limene zibwezedwe. Kupepesa pa masamu olondola kumapangitsa munthu kukayika kuti pali chimene mukubisa.

Musanatumize, yang'anani amene ali pa mzere wa Cc. Wodandaula akakwiya amakonda kuikapo abwana ake ndi wapampando wa yuniyoni, ndipo mukadina Reply All mwaulula ngongole yake ya ku SACCO ndi adivansi kwa anthu amene sankazidziwa. Nambala zipite kwa iye yekha. Enawo alandire mzere umodzi wakuti nkhaniyo mwaiyankha kwa mwiniwake.